Nkhope ya mlendo siweruzidwa ndi diso lokha

Pa chipata cha Songwe, pomwe msewu wa M1 umathera pa mlatho wolowera ku Kasumulu m'dziko la Tanzania, pali ntchito ina imene imachitika kambirimbiri tsiku lililonse koma anthu saiganizira n'komwe. Munthu amapereka pasipoti kapena chikalata chodutsira malire, wa imigireshoni amayang'ana chithunzi, amadzutsa mutu n'kuyang'ana nkhope, kenako amadinda. Zomwezo zimachitika m'mabanki a pa boma la Karonga, pomwe mlimi wa mpunga wochokera ku Hara kapena ku Wovwe amapereka chitupa cha unzika kuti atape ndalama zake. Kuyang'ana kumeneku sikutenga nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri, koma pamenepo m'pamene pagona chigamulo chonse: uyu ndi mwini chitupa kapena ayi. Ine ndikuti chigamulo chimenechi tachisenzetsa diso la munthu pomwe diso silingachikwanitse. Wogwira ntchito wakhama, wosalandira ziphuphu, wogona bwino usiku, amalakwitsabe pofananitsa nkhope ya munthu amene sakumudziwa ndi chithunzi, ndipo amalakwitsa kwambiri kuposa mmene iye mwini kapena bwana wake amaganizira.

Chimene chimatinamiza n'chakuti nkhope za anthu athu timazizindikira mosavuta. Mayi ako ungawadziwe pa chithunzi chofufuma cha zaka makumi atatu zapitazo, ungawadziwe ali cham'mbali, atafunda mpango, kuli chisisira. Choncho timaganiza kuti luso limeneli timakhala nalo pa nkhope iliyonse. Sizili choncho. M'chaka cha 2011, Rob Jenkins ndi anzake anasindikiza kafukufuku amene anaonetsa kusiyana kumeneku poyera. Anatenga zithunzi 40 za anthu awiri okha otchuka a ku Netherlands, aliyense zithunzi 20, n'kupatsa anthu a ku Britain amene sankawadziwa kuti aziunjike, mulu uliwonse ukhale wa munthu mmodzi. Palibe ngakhale mmodzi amene anapanga milu iwiri. Chiwerengero chapakati chinali pakati pa milu isanu ndi iwiri ndi isanu ndi itatu, ndipo ena anafika mpaka 16. Zithunzi zomwezo zitaperekedwa kwa anthu a ku Netherlands, amene nkhopezo ankazidziwa, pafupifupi onse anaziika m'milu iwiri. Munthu mmodzi amaoneka mosiyanasiyana malinga ndi kuwala, kamera, tsiku ndi mmene wapendekera mutu. Amene amakudziwa waona maonekedwe ako onsewo ndipo ubongo wake umadziwa chimene sichisintha. Kalaliki wa kubanki ali ndi kachithunzi kamodzi kochepa kuposa bokosi la machesi, ndi nkhope imene akuiona koyamba kuseri kwa galasi.

Wina anena kuti amenewo anali anthu wamba, osati ogwira ntchito. Ogwira ntchito nawo anayesedwa. M'chaka cha 1997, Richard Kemp, Nicola Towell ndi Graham Pike anafalitsa zotsatira za mayeso amene anachitira mu supamaketi ina ku England. Olandira ndalama anauzidwiratu kuti akuyesedwa, ndipo analonjezedwa kangachepe akachita bwino. Ogula ankapereka makhadi okhala ndi chithunzi, ena chawo chenicheni, ena cha munthu wina. Olandira ndalamawo analola makhadi achinyengo oposa theka, ndipo pomwe chithunzi chinali cha munthu wofananako ndi wogulayo, analola 64 pa 100 alionse. Kenako m'chaka cha 2014, David White ndi anzake anayesa ogwira ntchito mu ofesi yopereka mapasipoti ku Sydney m'dziko la Australia, anthu amene kufananitsa nkhope ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Zithunzi zinali zoyera bwino, zojambulidwa masiku ochepa m'mbuyomo, ndipo munthu ankaima pamaso pawo. Analola zithunzi zachinyengo 14 pa 100 zilizonse, n'kukana eni zithunzi enieni 6 pa 100 alionse. Chimene chiyenera kuwawa akuluakulu a maofesi athu n'chakuti zaka zimene munthu wagwira ntchito sizinasinthe kanthu. Wa zaka makumi awiri pa ntchito sanapose amene wangolembedwa kumene.

Chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa. Msodzi wa ku Ngara akaponya khoka pamalo olakwika, nyanja imamuuza tsiku lomwelo pomubweza chimanjamanja, ndipo mawa amasintha. Wa pa chipata akalola munthu wa chitupa chobwereka, palibe chimene chimamuuza. Munthu uja wakwera basi, wapita ku Mzuzu, ndipo wogwira ntchito uja amaweruka ali ndi chikhulupiriro chakuti lero sanaphonye. Zaka zikamapita chimene chimakula ndi kudzidalira, pomwe luso lili pomwe linali.

Titenge ziwerengero za ku Sydney zija tiziike pa kauntala yathu, ngati chitsanzo chabe, kuti tione chimene zikutanthauza. Tiyerekeze kuti pa anthu 1,000 obwera ndi zitupa, 10 ali ndi zitupa zobwereka ndipo 990 ndi eni ake. Pa 10 aja, mmodzi kapena awiri adutsa, ndipo pafupifupi 9 akayikiridwa. Koma pa 990 osalakwa aja, 6 pa 100 alionse ndi anthu 59. Ndiye kuti pa anthu 68 amene aimitsidwa, achinyengo ndi 9 okha. Munthu amene wauzidwa kuti "bambo, chithunzi ichi si chanu" nthawi zambiri amakhala kuti ndi mwini wake. Taganizani za gogo wochokera ku Lupembe kapena ku Nyungwe amene walipira minibasi kudzatenga ndalama pa boma, wabwezedwa, ndipo thiransipoti yobwerera sabata yamawa alibe. Pomwepo taganizaninso za kalaliki. Akakana anthu asanu motsatizana n'kupezeka kuti onse anali eni ake, mzere ukudandaula, bwana akuti liwiro, iye amaphunzira chinthu chimodzi, kusiya kukana. Megan Papesh ndi Stephen Goldinger anaonetsa mu 2014 kuti zithunzi zosagwirizana zikamabwera mwa apo ndi apo, monga mmene zimakhalira pa ntchito yeniyeni, anthu amaphonya pafupifupi 45 pa 100 zilizonse, kuposa kawiri mmene amaphonyera zikamabwera pafupipafupi. Diso likazolowera kunena kuti inde, limanena inde lisanayang'ane.

Zinthu kwathu kuno n'zovutirapo kuposa m'chipinda cha mayeso. Kalembera wamkulu wa zitupa za unzika, amene bungwe la NRB linachita mothandizana ndi UNDP, anachitika mu 2017 ndipo analemba anthu pafupifupi 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo. Zithunzi zambiri zinajambulidwa m'makalasi a sukulu ndi m'malo ena osonkhanira kumidzi, kuwala kuli mmene kunalili tsiku limenelo. Khungu lakuda likajambulidwa pamalo osawala bwino, mizere ya nkhope imamira ndipo chimatsala ndi maso ndi mphumi wonyezimira. Mu 2023 boma linalengeza kuti zitupa zimene nthawi yake inatha zipitirire kugwira ntchito mpaka pa 1 Januwale 2026. Chigamulocho chinathandiza anthu ambiri amene akanasowa pogwira, ndipo sindikuchinyoza, koma zotsatira zake pa kauntala zinali zakuti makalaliki anapitiriza kuweruza ndi zithunzi zakale. Pasipoti nayo imakhala zaka khumi. Mtsikana amene anajambulidwa ali ndi zaka 16, atameta mpala wa kusukulu, pofika mu 2025 anali mayi wa zaka 24, mwina wa ana awiri, wonenepa kapena wowonda, ataluka mesh. Mng'ono wake wa zaka 17 ndiye amene amafanana kwambiri ndi chithunzi chija kuposa mwini wake. Chinyengo cha chitupa chobwereka sichifuna makina osindikizira kapena katswiri. Chitupa n'chenicheni, zizindikiro zake zonse zili m'malo, chonama ndi dzanja limene lachigwira, ndipo wobwereka amasankha dala m'bale wofanana naye.

Sindikunena kuti palibe njira yoyang'anira bwino. Ilipo, ndipo n'zachisoni kuti ambiri amene amapatsidwa chidindo saphunzitsidwa. Tibwerere kwa mayi wa zaka 24 uja. Kalaliki wosaphunzitsidwa amayang'ana nkhope yonse pakamodzi n'kudzifunsa ngati "akufanana," ndipo chimene chimamukoka ndi tsitsi, mtundu wa khungu, kunenepa kwa masaya ndi nsidze. Zonsezi ndi zimene zimasintha: tsitsi limalukidwa, khungu limayera ndi mafuta kapena kuda ndi dzuwa la m'dimba, masaya amadzadza ndi kuphwa, nsidze zimametedwa n'kulembedwa. Wophunzitsidwa amayamba wawerenga tsiku lobadwa ndi tsiku limene chitupa chinaperekedwa, kuti adziwe kuti akuyembekezera munthu wa msinkhu wanji ndiponso kuti chithunzi chakalamba zaka zingati. Kenako amapempha mwaulemu kuti, "Mayi, mungayang'ane kuno, mukankhireko mpangowo kumbuyo kuti makutu aoneke?" Amakweza chitupa kufika pa msinkhu wa nkhope, osati kuchiyang'anira pa tebulo, ndipo amafananitsa chiwalo ndi chiwalo. Amayamba ndi makutu ngati akuoneka pa chithunzi: kodi ndi otambalala kapena omatirira kumutu, nsonga yake ya m'munsi ndi yolendewera kapena yomata ku tsaya? Amafufuza zipsera, mphini ndi timadontho tobadwa nato. Amaona mmene mphuno zatsegukira, mpata wa pakati pa mphuno ndi mlomo wa m'mwamba, ndi mmene ngodya za maso zapendekera. Kafukufuku wa Alice Towler ndi anzake ku Australia anapeza kuti makutu ndi zizindikiro za pakhungu ndi zimene zimathandiza kwambiri kusiyanitsa anthu, ngakhale kuti ambirife timathamangira maso ndi pakamwa.

Pali lamulo limodzi pa kuyang'ana kumeneku limene limasiyanitsa wodziwa ndi wosadziwa. Safunafuna zofanana, chifukwa pachibale zofanana zimakhala zambiri. Amafunafuna kusiyana kumodzi kumene nthawi singakufotokoze. Chipsera chimene chili pankhope koma pa chithunzi palibe sichitsutsa kanthu, pakuti munthu angavulale chaka chilichonse. Koma chipsera chachikulu chimene chili pa chithunzi n'kusowa pankhope ndi nkhani ina. Nsonga ya khutu yomata pa chithunzi singasanduke yolendewera pa zaka zisanu ndi zitatu. Njira imeneyi imachepetsa zolakwa, komabe malire ake ndi oonekeratu. Pa chithunzi choyang'ana kutsogolo makutu nthawi zina saoneka, kachithunzi ka pa chitupa chimene chagona m'thumba zaka zambiri kamakhala katakalika, ndipo kufananitsa chiwalo ndi chiwalo kumafuna nthawi imene kalaliki wa tsiku la malipiro alibe. Kafukufuku waonetsanso kuti munthu akafananitsa nkhope zambirimbiri motsatizana, kulondola kwake kumatsika. Wa imigireshoni amene wayang'ana nkhope za basi yonse yochokera ku Dar es Salaam, m'kutentha kwa Karonga kwa mwezi wa Novembala, safika pa wokwera womaliza ali ndi diso lomwe anayamba nalo.

Pali otsutsa amene amati kuno si ku Sydney, kuno timadziwana, ndipo wogwira ntchito wochenjera sadalira chithunzi chokha. Amafunsa mudzi, nyakwawa, mfumu yayikulu, dzina la mayi, ndipo amamvetsera kalankhulidwe. Mbali ina ya mfundo imeneyi ndi yoona, ndipo ikugwirizana ndi zomwe ndanena kale: nyakwawa imene yaona mwana akukula imamuzindikira bwino kuposa kalaliki aliyense. Koma kudziwana kumathera pa malire a mudzi. Boma la Karonga likuyambira ku Songwe mpaka kupitirira Chilumba, ndipo ogwira ntchito m'mabanki ndi pa chipata ambiri amachita kutumizidwa kuchokera kwina. Mafunso nawo amagwira mlendo wakutali yekha. Mng'ono wobwereka chitupa cha mkulu wake amadziwa mudzi, nyakwawa ndi dzina la mayi, chifukwa ndi zakenso. Kalankhulidwe ndiye koopsa kwambiri kukadalira kuno. Chinkhonde cha ku Kaporo ndi Chinyakyusa cha ku Kyela n'zapachibale, anthu amakwatirana ndi kuikana maliro kutsidya ndi kuno, ndipo mtsinje wa Songwe umene uli malire wakhala ukusintha njira yake n'kusiya minda ya banja limodzi mbali ziwiri. Wogwira ntchito wochokera kumwera amene akuweruza unzika wa munthu ndi khutu adzakayikira Mmalawi weniweni chifukwa Chichewa chake n'chopotoka, n'kudutsitsa wachinyengo wolankhula bwino.

Pa Songwe pamadutsanso anthu a ku Ethiopia, Somalia, Congo, Burundi, India ndi China, ena ofuna chitetezo amene ulendo wawo umathera ku Dzaleka, ena amalonda. Zinadziwika kalekale, ndipo Christian Meissner ndi John Brigham anasonkhanitsa umboni wake mu 2001, kuti munthu amalakwitsa kwambiri pozindikira nkhope za mtundu umene sanakule nawo. Ichi si tsankho la mumtima, ndi mmene diso linaphunzirira. Koma zotsatira zake n'zakuti pamalo pomwe dziko likufuna diso likhale lakuthwa kwambiri m'pomwe lili lobuntha.

Ndiye tichite chiyani? Yankho tinalilipira kale. Pa kalembera wa 2017 aliyense sanangojambulidwa, anadindanso zala. Zidindo za zala sizisintha ndi kunenepa, mesh kapena ukalamba wa chithunzi, ndipo ngakhale mapasa ofanana ngati madontho a madzi zala zawo zimasiyana. Kufananitsa chala cha munthu amene waima pa kauntala ndi chidindo cha mwini chitupa ndi funso laling'ono lomwe makina amayankha bwino kuposa diso. Chimene ndikupempha n'chakuti pa ntchito iliyonse yolemera, monga kutsegula akaunti, kutapa ndalama zambiri, kusintha simu khadi yotayika imene ili ndi ndalama, kapena kupereka chikalata chodutsira malire, nkhope ikhale poyambira chabe ndipo chala chitsimikize. Kusintha simu ndakutchula dala. Amene watenga nambala ya munthu watenga chikwama chake, ndipo kawirikawiri chimene chaima pakati ndi diso la mnyamata mmodzi wa m'kashopu amene sanaphunzitsidwepo chilichonse cha zimene ndafotokoza pamwambapa.

Otsutsa adzati makina ndi odula, magetsi amathima, netiweki imasowa, ndipo zala za alimi ndi asodzi zinafufutika ndi khasu ndi zingwe za makoka. Zonsezi n'zoona, ndipo chomalizacho chimandikhudza kwambiri, pakuti amene chala chake chimakanika kuwerengeka ndi yemwe uja wosauka, wokalamba, wochokera kutali. N'chifukwa chake sindikuti chala chilowe m'malo mwa diso n'kukhala woweruza yekha. Makina akalephera chala chimodzi ayese china, popeza zala ndi khumi. Zikalephera zonse, pakhale njira yachiwiri yolembedwa, yodziwika kwa aliyense: wogwira ntchito wina ayang'ane payekha asanauzidwe maganizo a woyamba, chifukwa ziweruzo za anthu awiri zophatikizidwa zimalondola kuposa cha mmodzi, aone chithunzi chachikulu chimene chili m'kompyuta m'malo mwa kachithunzi ka pa khadi, afananitse siginecha, alole mboni yodziwika. Ndivomerezenso malire ena: chala chimangotsimikiza kuti uyu ndi amene analembetsa. Ngati analembetsa mwabodza pa tsiku loyamba, chala chidzatsimikiza bodzalo mokhulupirika. Limenelo ndi vuto la pa kalembera, osati la pa kauntala, ndipo silichepetsa phindu lotseka khomo la zitupa zobwereka.

Ena akuti tingoika makamera ozindikira nkhope basi, monga m'mabwalo a ndege akunja. Tisathamange. Mu 2019 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linayesa mapulogalamu ambiri otere ndipo linapeza kuti ambiri a iwo amasokoneza anthu awiri osiyana n'kuwayesa mmodzi mowirikiza kwambiri pa nkhope za ku Africa ya kum'mawa ndi ya kumadzulo kuposa pa nkhope za ku Ulaya, nthawi zina kuwirikiza ka 10 mpaka ka 100. Mapulogalamu abwino kwambiri anali ndi kusiyana kochepa, ndipo apita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo. Koma aliyense amene akufuna kugulitsa kamera yotere ku boma kapena ku banki ayambe waonetsa mmene imachitira pa nkhope za Amalawi, pa zithunzi za 2017, m'kuwala kwa m'maofesi athu.

Pali chinthu china chotsika mtengo kuposa zonsezi chimene chingayambe mwezi uno. Luso lofananitsa nkhope limasiyana kwambiri munthu ndi munthu, ndipo pa mayeso a ku Sydney ena ankalondola pafupifupi zonse pomwe anzawo a pa desiki yoyandikana ankaphonya kwambiri. Mayeso oyezera lusoli alipo, monga a Glasgow amene Mike Burton ndi anzake anatulutsa mu 2010, ndipo nthambi ya imigireshoni kapena banki ingathe kukonza ake ndi zithunzi za anthu akuno amene avomera. Amene wachita bwino ndiye aikidwe pa zenera la Songwe ndi pa desiki yotsegulira maakaunti, osati amene wakhalitsa pa ntchito. Asinthane pafupipafupi tsiku la chikhamu. Akuluakulu azitumiza mwakachetechete munthu wa chitupa cha m'bale wake, mwachilolezo, n'kumuuza wogwira ntchito zotsatira tsiku lomwelo, osati kuti amudule malipiro koma kuti alandire chimene ntchito yake simupatsa, ndiko kudziwa pomwe waphonya. Ndipo pa khoma la banki iliyonse ku Karonga, pa boma ndi ku Chilumba komwe, pamatidwe chikalata m'Chinkhonde, m'Chitumbuka ndi m'Chichewa chouza kasitomala kuti akakanidwa chifukwa cha chithunzi ali ndi ufulu wopempha kuti wogwira ntchito wachiwiri amuone ndi kuti chala chake chiyesedwe tsiku lomwelo, asanakwere minibasi yobwerera kwawo.